Msonkhano Wasuntha ndi Ola, Ntchito Yachedwa ndi Tsiku: Kukonza Nthawi ndi Kasitomala Wakutali

Mwakhala mukukumana ndi kasitomala wanu pa intaneti Lachiwiri lililonse nthawi ya 16:00, ndipo kwa miyezi itatu palibe chimene chinalakwika. Kenako Lachiwiri lina m'mwezi wa Malichi mukulowa pa nthawi yomweyo, mukupeza mulibe munthu. Mu imelo muli uthenga umene unafika mphindi 45 zapitazo, wofunsa ngati muli bwino. Inu simunachedwe, iyenso sanafulumire. Wotchi yake ndi imene yasuntha usiku wa Loweruka kuchera Lamlungu, yanu ili pomwe inali.

Vuto ili limabwera kawiri pa chaka, ndipo lili ndi anzake awiri amene amabwera sabata iliyonse: tsiku lomaliza ntchito limene aliyense amalimva mwake, ndi funso laling'ono limene limadya masiku atatu. Kuti ziwerengero zisachuluke, titsatira chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Inu muli m'chigawo cha nthawi cha UTC+2, kumene wotchi sisuntha chaka chonse. Kasitomala ali ku New York. Ngati chigawo chanu ndi china, sinthani manambala okha, njira yake ndi yomweyi.

## Ola losowa lija

UTC ndi nthawi imene zigawo zonse zimawerengera kuchokera pa iyo, ndipo siisuntha. Mukamati muli pa UTC+2, ndiye kuti wotchi yanu ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri. New York ili pa UTC-5 miyezi yozizira ya kumeneko, choncho kusiyana kwa inu ndi iye ndi maola 7. Koma kuyambira Lamlungu lachiwiri la Malichi mpaka Lamlungu loyamba la Novembala, madera ambiri a dziko la America amasunthira wotchi patsogolo ndi ola limodzi. New York imakhala pa UTC-4, ndipo kusiyana kumatsika kufika pa maola 6. Mu 2026 masiku amenewa ndi 8 Malichi ndi 1 Novembala.

Kasitomala akamanena kuti msonkhano ndi 9:00, amatanthauza 9:00 ya pakhoma la ofesi yake. Pa 3 Malichi 2026 nthawi imeneyo ndi 16:00 kwa inu. Pa 10 Malichi ndi 15:00. Iye saona kusintha kulikonse, chifukwa foni yake inadzisintha yokha iye ali mtulo, ndipo sangaganize zokuchenjezani. Si mwano ayi. Munthu amene wakula akusuntha wotchi amangoyesa kuti dziko lonse limatero.

Pali njira yosavuta yodziwira kuti vuto ndi limeneli. Ngati kuphonyana kuli ola limodzi ndendende, ndipo kwachitika sabata yachiwiri ya Malichi kapena yoyamba ya Novembala, musafufuzenso kwina. Mu Malichi mumapezeka kuti mwachedwa, mu Novembala mumafika ola lathunthu msonkhano usanayambe n'kumadikira nokha. La Novembala silipweteka kwambiri, n'chifukwa chake ambiri salizindikira, amangoti kasitomala wachedwa lero, ndiye Malichi akabwera amagwanso m'mbuna yomweyo.

Zimasokonekera kwambiri ngati pa msonkhanopo pali munthu wachitatu amene ali ku London. Dziko la Britain ndi mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya amasunthanso wotchi, koma pa masiku ena: Lamlungu lomaliza la Malichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala. Mu 2026 ndi pa 29 Malichi ndi pa 25 Okutobala. Ndiye kuti kwa masabata atatu, kuyambira pa 8 mpaka pa 29 Malichi, New York yasuntha kale koma London isanasunthe. Msonkhano wa 9:00 ku New York, umene munthu wa ku London anazolowera kuti ndi 14:00, umakhala 13:00 kwa masabata atatu amenewo, kenako n'kubwerera pa 14:00. Kumapeto kwa Okutobala zimachitikanso kwa sabata imodzi. Ngati pali nthawi yoti mutumize uthenga wokumbutsa anthu ola la msonkhano ngakhale akudziwa kale, ndi masabata anayi amenewa.

### Wotchi ya ndani?

Mankhwala ake enieni ndi kugwirizana kuyambira pachiyambi kuti msonkhano wamangidwa pa wotchi ya ndani. Msonkhano wobwerezabwereza sungakhale pa ola lomwelo kwa nonse awiri chaka chonse. Mmodzi ayenera kusuntha. Ukamangidwa pa wotchi ya New York, iye amakhala pa 9:00 nthawi zonse, inu mumasinthasintha pakati pa 16:00 ndi 15:00. Ukamangidwa pa wotchi yanu, inu mumakhala pa 16:00, iye amapezeka pa 10:00 kuyambira pa 10 Malichi, mwina pa ola limene ali kale ndi msonkhano wina.

Mapulogalamu a kalendala monga Google Calendar ndi Outlook amatsatira lamulo lomweli. Msonkhano wobwerezabwereza umasunga ola lake m'chigawo cha nthawi chimene chinasankhidwa poulemba, ndipo kwa ena onse umasuntha wokha. Choncho ngati inu ndi amene mukutumiza chiitano, ndipo mwagwirizana kuti wotchi yolamula ndi ya kasitomala, musalembe 16:00 ya kwanu. Tsegulani pamene pasankhidwa chigawo cha nthawi cha msonkhanowo, musankhe New York, mulembe 9:00. Ife timalangiza kumanga pa wotchi ya kasitomala nthawi zambiri, chifukwa tsiku lake lonse ndi la anzake a mu ofesi limasunthira pamodzi, pamene inu muli ndi msonkhano umodzi wokha woti muusunthe.

Kalendala ikakhala ndi chiitano cholondola, siilakwitsa. Amene amaphonya ndi amene anakopera ola pamanja: alamu ya pa foni, kapepala komata pa kompyuta, kapena chikumbutso chimene anadzilembera okha mu kalendala yawo m'malo movomera chiitano cha kasitomala. Chotsani zonsezo, musiye chiitano chimodzi chokha. Muyatsenso wotchi yachiwiri mu kalendala, imene imaonetsa maola a chigawo china m'mbali mwa anu. Mapulogalamu awiri tatchulawa onse ali nayo m'makonzedwe ake.

Ngati kalendala yokha ikuonetsa ola lolakwika, yang'anani chigawo chimene kompyuta yanu yaikidwa. Pa Windows pali mizere ingapo yoyamba ndi UTC+02:00, ndipo si yofanana. `(UTC+02:00) Harare, Pretoria` siisuntha chaka chonse. `(UTC+02:00) Athens, Bucharest` imasunthira pa UTC+3 kumapeto kwa Malichi. Munthu amene anasankha mzere wachiwiriwu chifukwa nambala inali yofanana saona vuto miyezi isanu, kenako wotchi ya kompyuta imalumpha. Ambiri amaibweza pamanja, ndipo apa m'pamene zinthu zimaonongekeratu: wotchi ya pakona ikuoneka yolondola, koma misonkhano yonse yochokera kunja ikulakwika ndi ola. Konzani chigawo, osati wotchi.

Amene amagwiritsa ntchito Linux angathe kutsimikiza ola lililonse ndi lamulo la `date`:

```
TZ=America/New_York date -d '2026-03-03 14:00 UTC'
TZ=America/New_York date -d '2026-03-10 14:00 UTC'
```

Mzere woyamba ubweretsa 09:00, wachiwiri 10:00, ngakhale ola la UTC ndi lomwelo.

### Zidule zimene zimanamiza

Musadalire zidule za malembo atatu. `EST` ndi UTC-5 ndipo `EDT` ndi UTC-4, koma anthu ambiri a ku America amalemba `EST` chaka chonse, ngakhale mu Julayi, akutanthauza nthawi ya kwawo basi. Mukaika `EST` imeneyo m'chida chosinthira nthawi monga momwe yalembedwera, mufika mochedwa ndi ola. `CST` ingakhale ya pakati pa America, imene ndi UTC-6, kapena ya ku China, imene ndi UTC+8. `IST` imagwiritsidwa ntchito ku India, ku Israel ndi ku Ireland. Funsani dzina la mzinda. Musafunse dziko lokha, pakuti ngakhale m'dziko limodzi malamulo amasiyana: mbali yaikulu ya Arizona siisuntha wotchi, ndipo ku Australia mzinda wa Sydney umasuntha pamene Brisbane susuntha. Musaganizenso kuti kusiyana kumakhala maola athunthu nthawi zonse, India ili pa UTC+5:30.

Polemba nthawi, ikani zinthu zinayi pamodzi: dzina la tsiku, deti ndi mwezi wolembedwa m'mawu, ola la mawerengedwe a maola 24, ndi mzinda. Mwachitsanzo: "Lachiwiri pa 10 Malichi, 09:00 ya ku New York, imene ndi 15:00 kwa ine." Dzina la tsiku limagwira ntchito ngati mlonda, chifukwa ngati deti lalakwika mnzanuyo aona kuti sizikugwirizana. Mwezi ulembedwe m'mawu chifukwa `03/04/2026` ndi 4 Malichi ku America, pamene m'mayiko ambiri ndi 3 Epulo.

## Maola amene mumapezeka

Dandaulo lina limamveka mbali zonse. Kasitomala amati simupezeka. Inu mumati amakuvutitsani usiku. Kawirikawiri palibe amene anakhala pansi n'kuwerenga maola amene nonse muli pa ntchito nthawi imodzi.

Tiyeni tiwerenge. Inu mumagwira kuyambira 8:00 mpaka 17:00. Iye amagwira 9:00 mpaka 17:00 ya ku New York, imene kwa inu ndi 16:00 mpaka pakati pa usiku m'miyezi ya maola 7. Mumakumana ola limodzi lokha, 16:00 mpaka 17:00. Wotchi yake ikasuntha mumakumana maola awiri. Ola limodzi limenelo ndi loyamba la tsiku lake, pamene akutsegula maimelo a usiku wonse, ndiponso lomaliza la tsiku lanu. Si zodabwitsa kuti amamva ngati mumathawa iye akangofika.

Mukasuntha tsiku lanu ndi maola awiri, kuyamba 10:00 n'kuweruka 19:00, mumakumana maola atatu kapena anayi malinga ndi nyengo. Pa ntchito zambiri maola awiri kapena atatu okumana ndi okwanira, malinga ngati ali okhazikika. Simuyeneranso kusuntha masiku onse asanu. Masiku awiri kapena atatu pa sabata amene mumaweruka mochedwa, odziwika kwa onse, amathandiza kuposa lonjezo lakuti mumapezeka nthawi iliyonse.

Lonjezo limenelo ndiye msampha. Sabata yoyamba munthu amafuna kusangalatsa kasitomala watsopano, ndiye amayankha uthenga wa 22:30 pasanathe mphindi zisanu. Kasitomala saona kuti kwanu ndi usiku, kwa iye ndi 15:30 masana, ndipo waphunzira kuti pa ola limenelo mumayankha. Tsiku limene mwagona msanga, iye amaona ngati mwayamba ulesi. Chimene munachita mwaufulu chasanduka ngongole. Ngati mwaona uthenga usiku ndipo yankho lili kale m'mutu, lilembeni koma muliike kuti lidzatumizidwe lokha m'mawa. Gmail, Outlook ndi Slack onse amalola kukonzeratu nthawi yotumiza.

Zimene mwagwirizana zilembedwe, ndipo zilembedwe m'maola a kasitomala, kuti asamachite masamu. Zikhale ndi mbali zitatu. Yoyamba, maola amene mumayankha mwachangu, mwachitsanzo 9:00 mpaka 12:00 ya ku New York, pasanathe mphindi 30. Yachiwiri, zimene zimachitika ndi uthenga wofika kunja kwa maolawo: udzakhala utayankhidwa iye asanafike pa ntchito tsiku lotsatira. Yachitatu, njira imodzi yokha ya zangozi, monga kuimba foni, pamodzi ndi tanthauzo la ngozi. Tsamba la malonda likasiya kulandira ndalama, imeneyo ndi ngozi. Mtundu wa batani si ngozi. Mukapanda kulemba tanthauzoli, zonse zimakhala ngozi.

Pali makasitomala amene maola okumana palibiretu. Los Angeles ili kumbuyo kwa New York ndi maola atatu, choncho 9:00 ya kumeneko ndi 19:00 kapena 18:00 kwa inu. Sydney ili mbali inayo: mu Disembala ili patsogolo panu ndi maola 9, ndiye akamaweruka 17:00 inu mukungoyamba 8:00. Apa musanamizire kuti mudzapezeka tsiku lililonse. Gwirizanani msonkhano umodzi pa sabata umene wina amadzuka m'mamawa kapena kugona mochedwa, ndipo zina zonse ziziyenda polemba.

Funsaninso za masiku opuma. Sabata ya ntchito si Lolemba mpaka Lachisanu kulikonse: ku Saudi Arabia ndi ku Israel imayamba Lamlungu n'kutha Lachinayi. Ku America Lachinayi lachinayi la Novembala ndi tchuthi chachikulu, ndipo ambiri sabwera pa ntchito Lachisanu lotsatira. Tumizirananeni masiku a tchuthi a chaka chonse kamodzi, muwaike mu kalendala.

## Funso limene limadya masiku atatu

Apa m'pamene ntchito zambiri zimachedwera, ndipo palibe amene amaona kuti wachedwetsa ndi ndani.

Lolemba 11:00 mwafika pamalo pamene simungapitirire osafunsa. Mukulemba kuti: "Kodi lipoti lija ndiike ziwerengero ziti?" Ku New York ndi 4:00 m'bandakucha. Kasitomala akuliona funso atatuluka m'misonkhano yake ya m'mawa, 13:00 ya kwawo, imene ndi 20:00 kwa inu, mutaweruka kale. Yankho lake nalonso ndi funso: "Lipoti liti, la mwezi kapena la miyezi itatu?" Mukuliwerenga Lachiwiri 8:00, mukuyankha kuti la mwezi. Iye akuyankha madzulo anu: "Ikani zatsopano zija." Koma mafayilo atsopano alipo awiri. Lachitatu mukufunsanso. Yankho lomveka mukuliwerenga Lachinayi m'mawa. Aliyense wayankha uthenga uliwonse tsiku lomwelo limene anauona, komabe masiku atatu apita pa nkhani imene anthu okhala m'chipinda chimodzi akanaimaliza m'mphindi ziwiri.

Chizindikiro cha vutoli ndi makambirano aatali a timauthenga ta mzere umodzi, tosiyana maola khumi kapena kuposerapo. Lamulo lake ndi lakuti ulendo uliwonse wa funso ndi yankho umadya tsiku limodzi, ndiye funso liyenera kulembedwa moti liyankhike kamodzi kokha. Funso lomwe lija likanalembedwa chonchi:

"Pa lipoti la mwezi wa Febuluwale, tsamba 4, pakufunika ziwerengero za malonda. Ndili ndi mafayilo awiri, ya pa 27 Febuluwale ndi ya pa 2 Malichi, ndipo akusiyana pa mzere wa katundu wobwezedwa. Ndaika zithunzi za mizere yonse iwiri pansipa. Ndikuganiza kuti yolondola ndi ya pa 2 Malichi chifukwa ndi yatsopano. Ndipitiriza ndi imeneyo. Ngati mukufuna inayo, mundiuze lisanathe tsiku lanu la lero, Lolemba, ndipo ndidzasintha m'mawa mwanga, ndi ntchito ya mphindi 20."

Taonani zimene zilimo. Malo enieni a vuto atchulidwa, zosankha zaikidwa poyera, umboni waphatikizidwa kuti asatsegule fayilo iliyonse, ndipo mwanena chimene muchite akapanda kuyankha. Mbali yomalizayi ndi imene imapulumutsa tsiku, chifukwa ntchito siima. Koma ili ndi malire. Gwiritsani ntchito njira imeneyi pa zinthu zobwezeka zokha. Kutumiza imelo kwa anthu zikwi, kufufuta zosungidwa, kulipira ndalama kapena kusindikiza chinthu, zimenezo zimadikira yankho lomveka, ngakhale tsiku litayike. Pa zoterezi konzekerani ntchito ina yoti muzigwira podikira.

Nthawi yotumiza nayonso ili ndi kanthu. Mafunso onse a tsikulo asonkhanitseni mu uthenga umodzi, muwapatse manambala kuti athe kuyankha kuti "1 inde, 2 yachiwiriyo", ndipo afike iye asanakhale pa mpando, cha m'ma 15:30 kwa inu m'miyezi ya maola 7. Akatero ali ndi mwayi woyankha inu mukadalipo, ndipo ngati yankho silikumveka mungafunsenso tsiku lomwelo. Makambirano akabwerera kachiwiri osatha, lekani kulemba. Pemphani mphindi khumi za kulankhulana pa maola okumana aja.

### Lipoti la tsiku ndi tsiku

Kasitomala amene amafunsa kawirikawiri kuti ntchito ili pati nthawi zambiri si wovuta. Iye sakuonani, ndipo maola ambiri amene mumagwira ntchito iye amakhala ali mtulo. Akadzuka n'kupeza zii, amadzaza mpatawo ndi nkhawa. Mutsogolereni ndi lipoti lalifupi pa ola lomwelo tsiku lililonse, kapena kawiri pa sabata ngati ntchito ndi yaitali.

Mizere inayi kapena isanu ndi yokwanira: chimene chatha pamodzi ndi linki yoti achione, chimene mukugwira tsopano, chimene mukudikira kwa iye ndi nthawi imene mukuchifunira, ndiponso ngati tsiku lomaliza likadali lomwe lija. Mawu akuti "zikuyenda bwino" kapena "ndatsala pang'ono" sanena kanthu. Nenani kuti masamba 6 mwa 10 atha. Mupewenso mawu akuti lero, mawa ndi dzulo opanda dzina la tsiku, chifukwa "mawa" wolembedwa 23:00 Lachiwiri ku New York mumamuwerenga Lachitatu m'mawa, ndipo simudziwa ngati akunena tsiku lomwe mwadzukali kapena Lachinayi.

Ngati ntchito ichedwa, nenani tsiku limene mwazindikira, osati tsiku lomaliza. Pakati pa anthu osiyana maola 7, uthenga wa kuchedwa wotumizidwa pa tsiku lomaliza umapeza munthu atalonjeza kale kwa abwana ake.

### Lachisanu la ndani?

Kasitomala akalemba `EOD Friday`, kutanthauza kutha kwa tsiku la ntchito Lachisanu, funsani kamodzi kuti ndi ola liti ndiponso la mzinda uti. Kwa wa ku New York, 17:00 ya Lachisanu ndi pakati pa usiku kapena 23:00 kwa inu malinga ndi nyengo, ndiye muli ndi tsiku lonse ndi madzulo omwe. Kwa wa ku Sydney mu Disembala, 17:00 ya Lachisanu ndi 8:00 m'mawa wa Lachisanu kwa inu. Kunena zoona, tsiku lanu lomaliza ndi Lachinayi. Anthu ozolowera makasitomala a kumadzulo amagwa apa akapeza woyamba wa kum'mawa.

Ngakhale ndi wa ku New York, musadikire maola owonjezerawo. Perekani ntchito pa maola okumana, iye aitsegule inu mukadali pa kompyuta. Fayilo ikakana kutseguka, kapena linki ikafuna chilolezo chimene simunapereke, zimakonzeka m'mphindi imodzi. Mukatumiza 23:50 n'kukagona, chilolezo chomwecho chimadikira mpaka Lolemba.

## Pa msonkhano penipeni

Pamene maola okumana ali awiri okha, msonkhano wa ola limodzi wadya theka. Choncho zonse zimene zingawerengedwe zitumizidwe tsiku limodzi msonkhano usanachitike, pamodzi ndi mndandanda wa zofunika kugamula. Msonkhano usakhale wowerengerana lipoti. Mphindi 25 kapena 30 zimakwana ngati zogamula zili zitatu.

Lowani mphindi zisanu nthawi isanakwane, muyese maikolofoni ndi kamera. Gwirizananitu zochita netiweki ikaduka: mudzayesa kulowanso kwa mphindi zisanu, zikakanika mudzaimba foni kapena kupitiriza polemba. Ngati mawu akudukaduka, zimitsani kamera poyamba, chifukwa kanema ndi amene amadya intaneti kwambiri. Pa mtunda wautali mawu amachedwa pang'ono kufika, ndiye anthu awiri amayamba kulankhula nthawi imodzi, n'kusiya onse, n'kuyambanso onse. Mnzanu akamaliza, dikirani kamphindi musanayambe, ndipo ngati muli ambiri, tchulani dzina la amene mukumufunsa.

Moni wa "mwadzuka bwanji" kwa munthu amene kwake ndi madzulo si mlandu, koma kuonetsa kuti mukudziwa ola la kwake kumafewetsa zinthu, makamaka ngati wadzuka 6:00 chifukwa cha inu. Ngati ola la msonkhano ndi lowawa kwa mbali imodzi, monga zimakhalira ndi Los Angeles kapena Sydney, n'zololeka kupempha kuti muzisinthana, mwezi uno inu usiku, mwezi wamawa iye m'mamawa. Pemphani zimenezi pogwirizana za ntchito. Pakatha miyezi inayi mukupirira mwakachetechete, pempho lomwelo limamveka ngati dandaulo.

Kasitomala akapanda kubwera, dikirani mphindi khumi, mutumize uthenga waufupi wonena kuti muli pa linki, mudikirenso mphindi zisanu. Musanaganize kuti wakunyozani, yang'anani deti: kodi ndi sabata imene mawotchi asuntha, kapena ndi tchuthi kwawo? Mukatuluka, tumizani nthawi ziwiri kapena zitatu zatsopano zolembedwa m'maola ake, pamodzi ndi mafunso amene munafuna kufunsa, kuti ena ayankhidwe polemba. Ngati wophonya ndinu, pepesani m'chiganizo chimodzi, nenani chimene mwakonza kuti zisabwerezeke, ndipo nthawi yatsopano asankhe ndi iye.

Mphindi zitatu zomaliza zikhale zobwereza mokweza zimene mwagamula: ndani achita chiyani, pofika tsiku liti, ola la mzinda uti. Kenako muzilembe n'kutumiza pasanathe mphindi 30, iye akadali pa mpando ndipo inu musanazimitse kompyuta. Ngati munamva mosiyana pa mfundo ina, akukonzani madzulo omwewo, ndipo m'mawa mwanu muyamba ntchito pa chinthu cholondola. Mu uthenga womwewo wa Lachiwiri pa 3 Malichi, onjezani mzere umodzi pansi: "Sabata yamawa, Lachiwiri pa 10 Malichi, tikumana 09:00 ya ku New York monga mwa nthawi zonse, kwa ine ikhala 15:00."